Chimfine Chikalowa M'nyumba, N'chifukwa Chiyani Ena Amadwala Ena Osadwala?

Chaka chilichonse mwezi wa Juni ukafika, mphepo ya chiperoni n'kuyamba kuwomba, funso limene ndimafunsidwa kwambiri monga wothandiza za umoyo pa mpingo ndi lakuti: “Timwe chiyani kuti chitetezo cha m'thupi chikwere?” Wina amafuna kudziwa za ndimu ndi adyo, wina za jinja, wina za mapiritsi a mavitamini amene waona ku sitolo ya mankhwala. Chiyambire mliri wa Kovidi-19 umene unalowa m'dziko lathu mu Epulo 2020, funsoli lachita kunyanya. Koma palibe amene amandifunsa kuti agone maola angati, kapena kuti ngongole imene ikumusowetsa mtendere ili ndi gawo lanji pa chifuwa chake.

Ife a mpingo wa Adventisti tinazolowera kumva kuti kupuma, chakudya choyenera ndi kukhulupirira Mulungu ndi zina mwa njira zisanu ndi zitatu za umoyo zimene Ellen White analemba mu 1905. Mawuwa tinawamva kambirimbiri, mwakuti ena amangoti “ameni” osadziwa kuti zinthuzi zimachita chiyani kwenikweni m'thupi, ndiponso kuti mphamvu yake imalekera pati. Zimene ndaphunzira ndi izi: tulo, chakudya ndi mtendere wa mumtima sizitseka mphuno kuti kachirombo kasalowe. Ntchito yake ndi kukonzekeretsa thupi kuti kachirombo kakalowa, nkhondo yake ikhale yaifupi ndi yosawononga. Ndipo kukonzekerako kumachitika m'masabata a m'mbuyo, munthu asanayambe kuyetsemula.

Zimene zimachitika kachirombo kakalowa

Chimfine, fuluwenza, chikuku ndi Kovidi zonse zimayamba ndi tizirombo totchedwa mavairasi, timene timalowera m'mphuno, m'kamwa ndi m'maso. M'kati mwa mphuno ndi m'njira ya mpweya muli mamina amene amakola tizirombo, komanso titsitsi tosaoneka ndi maso timene timakankhira maminawo ku mmero kuti amezedwe kapena alavulidwe. Kachirombo kakapulumuka pamenepo n'kulowa m'maselo a mphuno, maselowo amatulutsa timadzi tochenjeza anzawo ndi kuitana asilikali a m'magazi. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, thupi limakhala litapanga zida zolimbana ndi kachirombo kameneko ndendende, ndipo limakakumbukira.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sadziwa. Kutsekeka kwa mphuno, kuwawa kwa pakhosi, kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi, mbali yaikulu sikachirombo kamene kamachita zimenezi. Ndi thupi lathu lomwe pamene likumenya nkhondo. Zili ngati kutentha zinyalala m'munda: moto wokwanira umatentha zinyalala n'kuzima, koma moto wopanda woyang'anira umalowa m'munda wa mnzako. Choncho chitetezo chabwino si chimene “chakwera kwambiri” monga amanenera otsatsa malonda. Ndi chimene chimadzuka msanga, n'kumenya nkhondo pa mlingo wake, n'kudziwa nthawi yolekera.

Tulo: anawapatsa dala chimfine

Kuti munthu adziwe ngati tulo tili ndi gawo pa chimfine, kufunsa odwala sikukwanira, chifukwa mwina wodwalayo anangokumana ndi anthu ambiri otsokomola. Katswiri wina wa ku Amereka, Sheldon Cohen, wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon mu mzinda wa Pittsburgh, anachita mwa njira ina. Iye ndi anzake anatenga anthu athanzi 153 amene anavomera okha, n'kumawafunsa tsiku lililonse kwa masiku 14 kuti agona bwanji. Kenako anawadonthezera m'mphuno kachirombo ka chimfine, onse mofanana, n'kuwasunga kwaokha masiku asanu. Sanangodalira pakamwa pa anthuwo. Ankayeza ngakhale kulemera kwa mamina a m'timapepala timene aminira.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2009. Kachiromboka kanakhazikika m'mphuno mwa ambiri ndithu, koma amene anadwaladi chimfine anali pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Amene ankagona maola osakwana 7 anali ndi chiopsezo chodwala pafupifupi katatu poyerekeza ndi amene ankagona maola 8 kapena kuposa. Mu 2015 Aric Prather pamodzi ndi Cohen anabwereza kafukufukuyu ndi anthu 164, koma ulendo uno anawaveka pa mkono kachipangizo konga wotchi koyeza tulo kwa sabata imodzi. Amene ankagona maola 6 kapena kucheperapo anali ndi chiopsezo choposa kanayi poyerekeza ndi ogona maola opitirira 7.

Onani kuti tulo timene tinawerengedwa ndi ta masiku a m'mbuyo, kachirombo kasanafike. Onaninso kuti kukhala pa mphasa si kugona. M'kafukufuku wa 2009 uja, amene ankakhala nthawi yaitali ali maso pogona, akutembenuka, ndiwo ankadwala kwambiri. Munthu angathe kulowa m'chipinda 9 koloko n'kutuluka 5 koloko, n'kumati wagona maola 8, chonsecho ola loyamba anathera pa foni, ndipo 2 koloko usiku anadzuka n'kuyamba kuwerengera za fizi mpaka tambala woyamba.

Tulo timathandizanso kuti thupi likumbukire mdani. Mu 2002 akatswiri a ku yunivesite ya Chicago anabaya katemera wa fuluwenza anyamata amene anawagoneka maola 4 okha usiku uliwonse kwa masiku 6. Patapita masiku 10, zida zolimbana ndi fuluwenza m'magazi mwawo zinali zosakwana theka la za anzawo ogona mokwanira. Pambuyo pa masabata atatu kapena anayi kusiyanako kunatha, kutanthauza kuti kusagona kunachedwetsa thupi, sikunaphe katemerayo. Komabe kuchedwa kwa masiku angapo kuli ndi kanthu pamene chimfine chili kale m'mudzi.

Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, achinyamata maola 8 mpaka 10, ndipo ana a ku pulayimale maola 9 mpaka 12. Kuchezera usiku umodzi pa maliro kapena pa mapemphero sikugwetsa munthu. Chimene chimagwetsa ndi chizolowezi cha maola 4 kapena 5 sabata ndi sabata. Kunena zoona, ifenso a mu mpingo timachita zimenezi pa nthawi ya misonkhano ya misasa: amayi ophika amagona mochedwa n'kudzuka kusanache kwa sabata yonse, ali pakati pa khamu la anthu otsokomola. Tikabwerako timati tadwala fumbi.

Nkhawa: yofunika kuiopa ndi yokhalitsa

Cohen yemweyo anayamba ndi nkhani ya nkhawa. Mu 1991 anafalitsa zimene anapeza pa anthu 394 ku malo ofufuzira za chimfine ku Salisbury, ku Mangalande. Atawapatsa tizirombo ta chimfine, pa anthu 100 alionse amene anali ndi nkhawa zochepa kwambiri, 27 anadwala. Pa amene anali ndi nkhawa zambiri, 47 anadwala. Mu 1998 anafufuza kuti ndi nkhawa iti imene imachita zimenezi. Anapeza kuti vuto losakwana mwezi silinkasintha kanthu. Chiopsezo chinkakwera kwa amene vuto lawo linatha mwezi kapena kuposa, makamaka kusowa ntchito ndi kusamvana kosatha ndi a pabanja kapena abwenzi.

Chifukwa chake n'chomveka. Munthu akada nkhawa thupi limatulutsa timadzi totchedwa kotizolo. Imodzi mwa ntchito zake ndi kuuza asilikali a m'thupi kuti nkhondo yakwana, moto uzime. Koma kotizolo akamatuluka tsiku ndi tsiku kwa miyezi, asilikali aja amasiya kumumvera, monga mmene a pakhomo amalekera kudzuka galu akamauwa usiku uliwonse. Ndiye kachirombo kakalowa, moto uja umasowa wozimitsa, ndipo munthu amadwala kwambiri ndi kachirombo komwe mnzake wangokamina tsiku limodzi.

Apa ndikufuna tisamale, abale ndi alongo. Munthu amene ntchito inamuthera miyezi inayi yapitayo akamadwaladwala, si chizindikiro chakuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Ndi thupi limene lanyamula katundu nthawi yaitali. Kumuuza kuti “musadandaule” sikuchotsa katunduyo. Timupempherere, inde, koma tifunsenso kuti katunduyo ndi chiyani ndipo ndani angagwireko mbali ina. Mneneri Eliya atathawira m'chipululu ali wotopa ndi wamantha, chithandizo choyamba chimene analandira chinali tulo, mkate ndi madzi, kenako tulo ndi chakudya kachiwiri. Kukambirana kunabwera pambuyo pake.

Chakudya: kudzaza pamene paperewera

Pa chakudya ndi pamene pali mabodza ambiri. Titenge vitamini C, amene aliyense amathamangira. Mu 2013 akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku 29 wokhudza anthu oposa 11,000. Anapeza kuti kwa anthu wamba, kumwa vitamini C tsiku lililonse sikuchepetsa kuchuluka kwa nthawi zimene munthu amadwala chimfine. Kumangofupikitsa matendawo pang'ono, pafupifupi theka la tsiku pa chimfine cha sabata imodzi kwa wamkulu, ndipo kwa ana kuposerapo pang'ono. Kuyamba kumwa mapiritsiwo chimfine chitayamba kale sikunaonetse phindu lodalirika. Madzi ofunda a ndimu ndi jinja amafewetsa pakhosi ndi kuthandiza kuti munthu amwe madzi ambiri, ndipo zimenezo n'zabwino, koma sapha kachirombo.

Pamene chakudya chimaonetsa mphamvu yake yeniyeni ndi pa thupi limene likuperewera. Asilikali a m'thupi ndi zida zawo amapangidwa kuchokera ku zakudya zomanga thupi, ndipo khungu la m'kati mwa mphuno ndi mapapo limafuna vitamini A kuti likhale lolimba. N'chifukwa chake mwana wonyentchera akagwidwa ndi chikuku kapena chimfine, kawirikawiri chimasanduka chibayo, ndipo ndi ana otere amene timataya. N'chifukwa chakenso ku sikelo amapereka vitamini A miyezi 6 iliyonse kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, ndipo mwana wodwala chikuku amapatsidwa vitamini A ku chipatala. Kwa khanda, chitetezo chachikulu chochokera ku chakudya ndi kuyamwa bere lokha miyezi 6 yoyamba, chifukwa mkaka wa mayi umanyamula zida zimene thupi la mayiyo linapanga kale.

Tinganene kuti thupi lili ngati ndowa. Ikakhala ndi madzi theka, kuthiramo kumathandiza. Ikadzaza, owonjezerawo amangotayika. Funso loyenera si lakuti “ndiwonjezere chiyani chapadera,” koma lakuti “pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndi gulu liti limene silinafike pa mbale yathu sabata ino?” M'makomo ambiri amene ndimayendera, nsima ndi masamba zilipo. Zimene zimasowa ndi za m'gulu la nyemba, zipatso ndi mafuta. Ndipo kwa ife amene tinasiya nyama, kusiya kokhako sikukwanira. Pamalo pa nyamayo payenera kubwera nyemba, nandolo, khobwe, soya, mtedza, mazira kapena mkaka tsiku lililonse. Nsima ndi mpiru wowiritsa, masana ndi madzulo, si uthenga wa zaumoyo. Ndi njala yobisika.

Banja limodzi, kope limodzi

Ndikufuna ndikuonetseni mmene zinthu zitatuzi zimalukanirana pa khomo limodzi. Mayi wina wa mu mpingo mwathu, wa m'gulu la Dorika, amene amaphika mandasi ogulitsa, anandiimitsa titaweruka mapemphero a Lachitatu. “Mundiuzeko mavitamini abwino,” anatero. “Chimfinechi n'chachitatu chiyambire Meyi, koma anawa chimangowakhudza tsiku limodzi basi.” Ndinawafunsa kaye ngati chifuwa chinapitirirapo masabata awiri, ngati akuonda, kapena kutuluka thukuta usiku, chifukwa zimenezo zimafuna kukayezetsa makhololo ku chipatala, osati uphungu wa tulo. Anati ayi, chimabwera n'kupita. Ndiye ndinawapempha kuti kwa masiku 14 azilemba m'kope zinthu zinayi: nthawi yolowera pogona, nthawi yodzuka, nthawi imene akuganiza kuti anakhala maso usiku, ndi zimene adya.

Kopelo litabwera, nkhani inali poyera. Ankagona 11 koloko usiku atatsuka ziwiya, kuchapa mayunifolomu ndi kukanda ufa. Ankadzuka 3 koloko kukasonkha moto kuti mandasi afike pa msika 6 koloko. Amenewo ndi maola 4, ndipo masiku ambiri theka la ola linkapita ali maso. Usiku wa Lachisanu wokha ndi umene ankagona maola 8, chifukwa pa Sabata saphika malonda. Pa sabata yonse ankagona maola pafupifupi 30, pamene thupi likufuna 49. Ana awo ankagona 8 koloko mpaka 5 koloko m'mawa. Mpweya ankapuma umodzi, kachirombo kanali kamodzi, koma matupi sanali okonzeka mofanana.

Nditafunsa chimene chimawadzutsa usiku, anakhala chete pang'ono. Bambo a kunyumba ntchito inawathera mu Febuluwale, ndipo mayiwo anatenga ngongole ku banki m'khonde kuti awonjezere mpamba. Chiwongoladzanja chinkakula, ndipo ankaopa kuuza amuna awo kuchuluka kwake. Imeneyo inali nkhawa ya miyezi isanu, ya mitundu iwiri yomwe ija, ntchito ndi pabanja. Pa zakudya, m'mawa ankadya mandasi awiri otsala ndi madzi a shuga, masana nthawi zambiri ankadumpha, madzulo nsima ndi masamba. Nyemba zinaoneka katatu pa masiku 14, chipatso kamodzi.

Sitinayese kukonza zonse tsiku limodzi. Choyamba chinali kupeza maola. Kuchapa kunasamukira masana ndipo mwana wawo wamkulu anakutenga. Kukanda ufa kunabwera 6 koloko madzulo chakudya chisanaphikidwe. Bambo, amene m'mawa analibe kopita, anavomera kudula nkhuni madzulo ndi kukasiya mandasi ku msika pa njinga, zimene zinalola mayi kudzuka 4 koloko. Kugona 9 koloko n'kudzuka 4 koloko ndi maola 7. Masiku ena zinkalephereka n'kukhala 6, komabe 6 si 4.

Chachiwiri chinali chovuta kwambiri. Mayiwo anapempha mayi a abusa kuti akhalepo pamene akuuza amuna awo za ngongole. Kenako banjalo linapita limodzi ku gulu la banki m'khonde kukapempha kuti lizibweza pang'onopang'ono. Ngongoleyo sinathe, koma inasiya kukhala chinsinsi cha munthu mmodzi cha 2 koloko usiku. Chachitatu chinali chosavuta: ndalama imene ankafuna kugulira mavitamini inagula nyemba ndi mtedza wosinja nsinjiro zothira m'masamba ndi m'phala, kuwonjezapo mbatata yofiira m'kati imene ili ndi vitamini A, ndi manachesi amene amakhala otsika mtengo m'nyengo yozizira.

Mu Ogasiti chimfine chinawagwiranso, pamodzi ndi ana. Ulendo uno anagona tsiku limodzi, n'kupitiriza ntchito akumina. Khomo limodzi si umboni wa sayansi, ndipo umboni uli m'kafukufuku ndatchula uja. Koma kopelo linasonyeza chinthu chimene botolo la mavitamini likanabisa: kuti chimene chinkaperewera kwambiri pa mayiwa anali maola 19 a tulo pa sabata, ndi munthu womuuza zakukhosi.

Pamene mphamvu yake imalekera

Ngakhale m'kafukufuku uja, ena ogona bwino anadwala ndipo ena osagona sanadwale. Tulo, chakudya ndi mtendere zimachepetsa chiopsezo, sizichichotsa. Sizilowa m'malo mwa katemera. Mwana wodya bwino amene sanabayidwe katemera wa chikuku akhoza kudwala chikuku ndithu. Sizilowa m'malo mwa kusamba m'manja ndi sopo, kutsegula mawindo m'tchalitchi, kapena kukhala pakhomo pa Sabata pamene mukutsokomola kwambiri m'malo mokapatsira okalamba m'kalasi ya Sukulu ya Sabata. Amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, a shuga kapena a mphumu, chitetezo chawo chimadalira kwambiri kumwa mankhwalawo mokhulupirika. Ndiponso bakitilimu ndi amokisilini amapha mabakiteriya, osati mavairasi, choncho kuwagula pa golosale chifukwa cha chimfine n'kuwononga ndalama ndi mphamvu ya mankhwalawo.

Chimfine wamba chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kuyamba kutha pa sabata imodzi kapena masiku 10. Chikasintha njira, phala ndi tulo sizikwaniranso. Kwa mwana, muvuleni malaya ali phee, muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu. Mwana wosakwana miyezi iwiri akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka 11 akapuma ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akapuma ka 40, kapena m'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati pamene akukoka mpweya, chimenecho chikhoza kukhala chibayo ndipo apite ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mwana amene akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena walefuka. Kwa wamkulu, kubanika, kuwawa m'chifuwa, kusokonezeka mutu, kutentha thupi kobwerera atayamba kupezako bwino, kapena chifuwa chopitirira masabata awiri, zonsezi n'za ku chipatala. Ndipo kuno kwathu kutentha thupi kulikonse kumafuna kuyezetsa malungo.

Ngati mukufuna poyambira, tengani kope lakale la mwana, mulembe masiku 14 a munthu amene amadwaladwala kwambiri pakhomo panu. Muwerengere maola enieni a tulo, muone gulu la zakudya limene silikuoneka, ndipo mumufunse mofatsa chimene chimamudzutsa usiku. Kawirikawiri munthuyo amakhala yemwe amadzuka woyamba ndi kugona womaliza, ndipo maola amene akusowa sangawapeze yekha pokhapokha wina pakhomopo atamulandira ntchito.